Kupempha masiku owonjezera kwa lekichara popanda kugwira mwendo

"Achimwene, mayi anga anagonekedwa m'chipatala ndipo ndakhala ndikuwadikirira sabata yonse. Asayimenti ikufunika Lachisanu. Ndalembera lekichara imelo iyi koma sindinaitumize: 'Bwana, chonde chonde ndagwira mwendo wanu. Ndine mwana wanu wosauka, mukandikaniza tsogolo langa lathera pomwepa. Ndipatseniko nthawi ina iliyonse yomwe mungathe.' Mnzanga akuti ndadzichepetsa mopyola, koma ine ndikuopa kuoneka wamwano. Ndiikonze bwanji?"

Mchemwali, pepani ndi matendawo, ndipo mnzanuyo sananame. Chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri ndi chiganizo cha tsogolo chija. Inu mwachilemba ngati ulemu, koma wowerenga amva kuti mwamusenzetsa mlandu: akakana, ndiye kuti iyeyo ndi amene wakuphani. Munthu akapanikizidwa chotero amaumitsa mtima, kapena amangoisiya imeloyo osayankha. Komanso taonani, m'mizere itatu yonseyo simunatchule dzina lanu, kosi yake, asayimenti yake, ngakhale matenda a mayi omwe ndiwo chifukwa chenicheni. Lekichara amene ali ndi makalasi angapo adziwa bwanji kuti mwana wake wosaukayo ndi uti?

Nanga "nthawi ina iliyonse"? Apa mwawapatsa aphunzitsiwo ntchito yokuwerengerani masiku. Tchulani tsiku nokha. Iwo ali ndi tsiku lawo lomwe ayenera kumaliza kuchonga ndi kupereka malikisi ku dipatimenti, ndiye akaona tsiku lenileni amadziwa pomwepo ngati n'zotheka. Powerengera, musadzinamize. Ngati mwalemba theka ndipo lotsalalo likufuna masiku anayi, pemphani asanu, chifukwa kupempha kachiwiri n'kovuta kuposa koyamba.

Ndikudziwa kuti mwina muilemba m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi omwewa. Pamutu pa imelo lembani kodi ya kosi, dzina lanu, ndi mawu oti mukupempha kuwonjezeredwa masiku a asayimenti yachiwiri. Kenako:

"Okondedwa a Dokotala Uje,

Ine ndine Uje, wa chaka chachiwiri, ndipo nambala yanga ndi yakuti. Ndikupempha kuti mundilole kupereka asayimenti yachiwiri Lachitatu pa 19 Malichi m'malo mwa Lachisanu pa 14.

Mayi anga anagonekedwa m'chipatala sabata yatha ndipo ndine amene ndikuwadikirira. Ndalemba kale magawo awiri mwa anayi, ndipo ndawaphatikiza pa imelo ino. Ngati pakufunika kalata ya kuchipatala, ndibweretsa.

Ndikudziwa kuti pempholi likusokoneza ndondomeko yanu yochongera, pepani. Ngati tsikuli silingatheke, ndidzayamika mutandiuza lomwe mungalole.

Zikomo,
Uje"

"Pepani" alimo kamodzi kokha, ndipo akupepesa chinthu chooneka, ntchito yomwe mwawaonjezera. Simukupepesa kuti mayi akudwala, poti limenelo si tchimo. Kudzichepetsa kwanu kuli m'chiganizo chomalizacho, pamene mwasiya chigamulo m'manja mwawo osaopseza. Ena amalemba kuti "ndipereka Lachitatu" ngati akudziwitsa mnzawo wa m'chipinda. Umenewo ndiye mwano womwe mukuuopawo, ndipo mwaupewa ndi mawu oti "ndikupempha kuti mundilole".

Magawo awiri mwaphatikizawo akugwira ntchito yaikulu kuposa "chonde" khumi. Sabata ya asayimenti, lekichara amalandira madandaulo ambirimbiri, ena oona ena opeka, ndipo sangawasiyanitse ndi kulira kwake. Ntchito yomwe mwayamba kale ndiyo imasonyeza kuti simunangokhala mpaka tsiku litayandikira. Ngakhale ili yosakonza bwino, itumizeni. Koma ngati simunayambe, musaname kuti mwafika pakati, chifukwa akhoza kuyankha kuti "tumizani tione".

Za matendawo chiganizo chimodzi chakwana. Dzina la nthendayo, za ndalama za mankhwala, za achibale omwe sakuthandiza, zonsezo n'zanu ndi banja lanu.

Mawu oti "bwana" achotseni. Ngati ali ndi udokotala kapena upulofesa, atchuleni ndi udindowo ndi dzina la bambo awo, ndipo muone kalembedwe kake pa pepala la ndondomeko ya kosi lomwe anakupatsani poyamba semesita. Papepala lomwelo onaninso zomwe analemba za ntchito yochedwa. Ena amadula malikisi pa tsiku lililonse, ndipo m'masukulu ena pempho lotere limadzera kwa mkulu wa dipatimenti kapena ku ofesi yoona za ophunzira, makamaka mukakhala kuti mwajombanso m'kalasi.

Itumizeni lero lomwe, Lachisanu lisanafike, pogwiritsa ntchito imelo ya sukulu ngati muli nayo. Pakadutsa masiku awiri osayankhidwa, kumbutsani ndi mzere umodzi pansi pa imelo yomweyo, kapena mupemphe woimira kalasi akawadziwitse kuti mwalemba. Kusayankha sikutanthauza kuti alola. Lachisanu likakwana muli chidikirire, perekani zomwe muli nazozo ndipo mulembepo kuti zotsalazo mubweretsa akakulolani.