Kugulitsa kaunjika pa layivi: muziyankhula chiyani mukanyamula chovala?

Funso: Zikomo alangizi. Ine ndimagulitsa madiresi ndi majinzi a kaunjika kuno ku Ndirande, ndipo ndayamba kupanga layivi pa Facebook. Anthu amaonera ndithu, koma aliyense amangolemba kuti "zingati?" kapena "saizi yanji?", ine n'kusokonezeka. Ena amati atenga koma salipira, ena chovala chikawapeza amati chawathina. Ndiziyankhula bwanji kuti malonda aziyenda? Ndine mayi wa ku Ndirande.

Yankho: Mayi, yambani mwakumbukira mmene munthu amagulira kaunjika mumsika wa Limbe. Amatola diresi pamulu, kuligwira nsalu, kulitembenuza, kulidziyerekeza pachifuwa, kenaka n'kufunsa mtengo. Wa pa layivi alibe manja amenewo. Zonse zimene akanadziwa pogwira ayenera kuzimva pakamwa panu, ndipo azimve mundondomeko imodzimodzi pa chovala chilichonse: nambala yake, chimene chili, muyezo wake, chilema chake ngati chilipo, mtengo, ndi mawu oti alembe akachifuna. Mukazolowera ndondomeko imeneyi, oonera nawonso amaizolowera, ndipo mafunso aja amachepa okha.

Ntchito yaikulu imachitika foni isanayatsidwe. Sankhani zovala 25 kapena 30 zokha, osati belo yonse. Zichapeni, zisiteni, ndipo pa hang'ala iliyonse mumangirire kapepala kolimba kolembedwa nambala yaikulu ndi mtengo. Nambala zomwezo muzilembe m'kope, chilichonse mzere wake, pamodzi ndi miyezo. Jambulani ndi kamera ya kumbuyo kwa foni, chifukwa ya kutsogolo nthawi zambiri imatembenuza zolemba ngati galasi, ndipo oonera amavutika kuwerenga kapepala kanu.

Pa nkhani ya saizi ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa mikangano yambiri imabadwira apa. Belo imodzi imasonkhanitsa zovala zosokedwa m'mayiko osiyanasiyana, ndipo dziko lililonse lili ndi kawerengedwe kake. Diresi limene ku Britain amati 12, ku America amati 8, pomwe m'mayiko ambiri a ku Ulaya amati 40. Chilembo cha L pa chovala chosokeredwa msika wa ku China chimakhala chaching'ono kuposa L wa ku America. Komanso ichi ndi chovala choti wina anavalapo kale: mwina chinafota pochapa, mwina chinatamuka, mwina telala anachibweza. Ndiye mukangowerenga lebulo n'kunena kuti "saizi 12", simunaname, koma simunamuthandize wogula.

Gulani tepi ya atelala. Yalani diresi pathebulo, muyeze kuchokera kukhwapa lina kufika kukhwapa linzake, ndipo nambala imene mwapeza muichulukitse kawiri. Mukapeza mainchesi 19, pachifuwa ndi 38. Chitani chimodzimodzi m'chiuno ndi m'thako, kenaka utali kuchokera paphewa kufika kumpendero. Jinzi muimange batani, muyeze m'chiuno itagona, muchulukitse kawiri: 16 ndiye kuti 32. Muyezenso mwendo kuchokera pamphanda kutsika pansi, poti jinzi yokwana m'chiuno koma yolekeza pamwamba pa kakolo ibwezedwabe. Ndipo nenani ngati nsalu ndi yotamuka kapena youma, chifukwa 38 wa nsalu yotamuka amalandira munthu wokulirapo pang'ono, pamene 38 wouma salola.

Potsegula layivi musadikire kuti anthu achuluke muli chete. Nenani chonchi:

"Moni nonse, takulandirani. Lero tili ndi madiresi 20 ndi majinzi 10, mitengo kuyambira K6,000 kulekeza K12,000. Chovala chilichonse chili ndi nambala, ndipo chilipo chimodzi chokha. Mukachifuna lembani NDATENGA ndi nambala yake. Woyamba kuoneka pafoni yanga ndiye mwini wake. Ndikusungirani kwa maola awiri layivi ikatha. Mukapanda kulipira chipita kwa wachiwiri. Tengani tepi, muyeze diresi lanu limene limakukwanani bwino, kuti muziyerekeza ndi miyezo imene ndizitchula."

Mawu oti "pafoni yanga" musawasiye. Layivi imafika mochedwerapo kwa oonera malinga ndi netiweki, ndipo munthu amatha kuona komenti yake ili pamwamba pafoni pake pamene kwa inu yafika yachiwiri. Mukanena lamuloli poyamba, palibe amene adzati mwakondera.

Tsopano chovala chenicheni. Chinyamuleni, muonetse kutsogolo ndi kumbuyo, musendeze nsalu pafupi ndi kamera, uku mukunena:

"Nambala 7. Diresi lobiriwira la maluwa oyera, nsalu ya kotoni, siyotamuka. Lebulo ikuti 12, koma mverani tepi: pachifuwa 38, m'chiuno 32, m'thako 42, utali 44, ndiye kwa ambiri lifika kumunsi kwa mawondo. Zipi ili kumbuyo, ikuyenda bwino, onani. Apa pampendero pali kadontho kakang'ono kamene sikanachoke pochapa, ndi aka. Mtengo K9,000. Ndikubwereza: nambala 7, pachifuwa 38, K9,000. Lembani NDATENGA 7."

Mukatero khalani kaye kanthawi chovala chili m'manja, muwerenge chamumtima mpaka 15, kuti mawu anu awafike ndipo alembe. Wina akatenga, lengezani: "Nambala 7 yapita kwa amayi aja alemba koyamba, wachiwiri ndakulembani." Chichotseni pamaso pa kamera. Pakapanda wotenga, musayambe kutsitsa mtengo pomwepo; oonera akaphunzira kuti mumagwa msanga, sabata yamawa onse adzangokhala phee kudikira. Chiikeni pambali, mudzachionetsenso kumapeto.

Kadontho kaja ndikudziwa kuti mtima umafuna kukabisa. Musatero, chonde. Munthu amene wauzidwa za kadontho n'kugulabe sadandaula, koma amene wakapeza yekha kunyumba amajambula chithunzi n'kutumizira anzake, ndipo inu mwataya makasitomala amene simunawaonepo n'komwe. Za mtundu nazonso samalani: babu la usiku limasintha maonekedwe a nsalu, chofiirira n'kumaoneka chofiira. Ngati n'kotheka jambulani masana pafupi ndi windo, ndipo mtunduwo muutchule ndi pakamwa.

Mtengo unenedwe poyera, kawiri, ndipo ukhale womwewo uli pakapepala. Chizolowezi chouza anthu kuti abwere kumbali kudzamva mtengo ndimachikana kwathunthu. Wogula amaganiza kuti mukufuna kumuyang'ana kaye nkhope musanamutchulire, ndipo inu mumathera usiku wonse kuyankha anthu amene sakanagula. Wina akalemba kuti "tsitsaniko", yankho likhale lokonzeratu: "Mtengo ndi womwewo mayi, koma mukatenga zitatu ndikuchotserani K1,500." Kuchotsera kotere kumakupindulirani chifukwa zitatuzo zimayenda ulendo umodzi.

Ulendowo ndiwo umadya phindu mwakachetechete. Tiyeni tiwerengere ndi nambala zongoyerekeza, inu muikemo zanu. Diresi lija mwaligulitsa K9,000. Mukaphatikiza zimene munalipira pooda, sopo, makala kapena magetsi ositira ndi bandulo ya layivi, tinene kuti lakudyerani K6,000. Phindu ndi K3,000. Wogula ali ku Bangwe, ndipo wakabaza wakuuzani K2,500 kuchokera ku Ndirande. Ngati simunanene kuti ndalama imeneyi ndi ya wogula, iye adzati ankayesa kuti ili mumtengo momwemo, inu n'kuchita manyazi, n'kutsala ndi K500. Akakupemphaninso kuti mubweze chifukwa chathina, mwalowa m'thumba lanu.

Choncho musanapange layivi, khalani pansi ndi wakabaza mmodzi amene mumamudziwa kwawo, mugwirizane mitengo ya madera: oyandikira monga Nyambadwe ndi m'tauni, apakati monga Chilomoni, Zingwangwa ndi Limbe, akutali monga Bangwe, Machinjiri ndi Chileka. Kenaka muzilengeza, kuika mitengo imene mwagwirizanayo:

"Kalandiridwe kake ndi aka. Lachiwiri ndimakhala m'tauni pafupi ndi msika wa Blantyre kuyambira 12 koloko mpaka 2 koloko masana, Lachisanu ku Limbe nthawi yomweyo. Mukabwera pamenepo simulipira ya mayendedwe. Mukafuna kuti chikupezeni pakhomo, kabaza ndi wolipira inu: madera oyandikira K1,500, apakati K2,000, akutali K2,500. A ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, ndimatumiza Lachitatu kudzera ku kampani yonyamula katundu, mtengo wake ndikuuzani musanalipire, ndipo ndikatumiza ndikujambulirani lisiti. Palibe chovala chimene chimanyamuka chisanalipiridwe. Ngati muyezo umene ndinatchula uli wolakwika, ndikubwezerani ndalama yanu. Ngati muyezo uli wolondola koma simunadziyeze, sitibweza."

Mawu amenewa muziwabwereza mukagulitsa zovala zisanu zilizonse, pakuti anthu amalowa ndi kutuluka. Wobwera pa mphindi ya 40 sanamve zimene munanena poyamba. Muwalembenso mwachidule mu komenti imene mwaikhomera pamwamba.

Pa malipiro pali misampha iwiri. Woyamba umagwera ogula anu. Mukawalola kulemba nambala zawo za foni poyera, wakuba amene akuonera nawo amawaimbira msanga, kudzitcha wothandizira wanu, n'kuwapatsa nambala ina yolipirira. Ndiye nenani momveka: "Musalembe nambala yanu ya foni apa. Nambala yanga yolipirira ndi imodzi yokha, ya Airtel Money kapena Mpamba imene ili pamwambapo, ndipo musanatsimikize onani kuti dzina lotuluka ndi limene ndatchulali." Nenaninso ngati yotapira ili mumtengo kapena aonjezere okha.

Wachiwiri umagwera inu. Chithunzi chosonyeza kuti munthu watumiza ndalama, ngakhale uthenga wooneka ngati wochokera ku kampani ya foni, zimatha kupangidwa. Musakhulupirire zimenezo. Imbani `*211#` pa Airtel Money kapena `*444#` pa Mpamba, muone nokha ngati ndalama yakwera, kenaka muchonge m'kope.

Kope limenelo musaligwire nokha. Simungathe kunyamula diresi, kuwerenga makomenti ndi kulemba mayina nthawi imodzi. Pezani mng'ono wanu kapena mwana wamkulu akhale pambali ndi foni ina, imene ndiyo "foni yanga" ya mulamulo lija, azilemba woyamba ndi wachiwiri pa nambala iliyonse. Layivi ikangotha, aliyense mumutumizire uthenga wake wotere: "Mwatenga nambala 7 ndi 12. Zovala K17,000, kabaza wa ku Bangwe K2,500, zonse pamodzi K19,500. Lipirani isanakwane 9 koloko usiku uno, ndipo munditumizire dzina la wolandira ndi chizindikiro cha pafupi ndi nyumba." Nthawiyo ikadutsa, musanyengerere, lemberani wachiwiri usiku womwewo, chidwi chake chisanazilale. Amene watenga kawiri osalipira, mumuuze mwaulemu kuti ulendo wina chovala chidzasungidwa pokhapokha atatumiza theka la mtengo layivi ili mkati.