Musamukonzere mwana samu pomutayipira

"Ndimaphunzitsa masamu ku Ulongwe. Ndikufuna kutayipa bwino yankho la mwana wa kalasi ya 10 kuti tikambirane ndi anzake, koma zolemba zake ndi zothithikana, zofufutafufuta, ndipo pakati walakwitsa. Kodi ndikonze kapena ndisiye momwemo?"

Aphunzitsi anzanga, kalata yanu yandikumbutsa mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa ku Tsangano, ndipo mpaka lero nkhani yake imandiwawa. Anali mwana wa mlimi wa mbatatesi, wofika kusukulu manja ataphapha ndi chisanu cha mu Juni, ndipo kope lake linali ngati mwadutsa nkhuku. Samu inali x² = 5x. Iye anagawa mbali zonse ndi x, napeza x = 5. M'mbali mwa tsamba munali kanthu kakang'ono kokhwatchidwa kawiri, ndipo sindinakasamale.

Madzulo ndinatsegula laputopu. Zala zanga zinalemba njira imene ndinazolowera: x² − 5x = 0, kenako x(x − 5) = 0, mayankho 0 ndi 5. Pepala linatuluka loyera, dzina lake lili pamwamba. Analandira ndi manja awiri, nasekerera, n'kulipinda. Pa mayeso otsatira kunabwera 2x² = 6x, ndipo analemba x = 3 yekha. Cholakwa chomwe chija.

Nditabwerera ku kope lija ndinaliyang'ana padzuwa. Pansi pa zokhwatchazo panali "x = 0 ?". Mwanayo anali ataliona yankho lachiwiri! Nditamufunsa anati analifufuta chifukwa anamva kuti ziro sitigawira nambala, ndiye anaganiza kuti ziro ndi woletsedwa kukhala yankho. Lamulo ankalidziwa, koma analiika polakwika: choletsedwa chinali kugawa ndi x asanatsimikize kuti x si ziro. Phunziro lonse linagona pa kanthu kokhwatchidwako, ndipo ine ndinakataya pofuna pepala lokongola.

Ndiye ndikunena mosapsatira: musakonze. Wotayipa ali ngati mboni pabwalo la mfumu, amanena zimene waona. Mukangosintha mzere umodzi, ana adzakambirana maganizo anu, ndipo mwini pepala adzakhala phee, osazindikira ntchito yake.

Ndipo kusintha kwina kumachitika musakufuna. Ana athu, pophunzira m'Chipwitikizi, amalemba 1 wokhala ndi mchira wautali kutsogolo, ndipo 7 amamudula pakati. Mwana akafulumira n'kuiwala kudulako, 1 ndi 7 amafanana. Virigula nayenso: 2,5 musamusandutse 2.5, chifukwa kwa mwanayo dontho limaoneka ngati kuchulukitsa kapena kulekanitsa masauzande. Palinso ana amene amalemba 3 + 4 = 7 × 2 = 14, chizindikiro cha = akuchitenga ngati "kenako". M'masamu mzerewo ndi wabodza, pakuti 3 + 4 si 14, koma muutayipe momwemo. Mukaudula kukhala mizere iwiri yolondola, mwabisa chizolowezi chimene chidzamugwetse kutsogolo.

Poterera kwambiri ndi pa nambala zokhala pamwamba ndi pansi pa kamzere. Pa pepala, mwana amalemba x + 1 pamwamba, kamzere katali, 2 pansi. Kutalika kwa kamzereko ndiko kumagwira ntchito ya mabulaketi. Mu Word, mukadina `Alt` ndi `=` pamodzi, mumatseguka malo olembera masamu, ndipo izi ziwiri zimatuluka zosiyana:

```
(x+1)/2
x+1/2
```

Yesani ndi x = 3. Yoyamba ipereka 2, yachiwiri 3,5. Kuiwala mabulaketi kumapatsa mwana cholakwa chimene sanachite. Komanso ngati kamzere kake kanalekezera pansi pa 1 yekha, kumuikira mabulaketi n'kumuchotsera cholakwa chimene anachita. Yang'anani pamene kamzere kayambira ndi pamene kathera, osati pamene mukufuna kuti kathere.

Chochita tsopano

Jambulani tsambalo ndi foni musanayambe, ndipo ikani manambala pa mizere yake ndi pensulo, 1, 2, 3, motsata mivi ngati anajambula. Mizere yotayipidwa ichuluke chimodzimodzi ndi ya m'kope. Ikaposa, mwaonjezera sitepe yanu. Zokhwatchidwa zilembeni pomwe zili ndi mawu akuti "anafufuta". Posawerengeka ikani [?], musalote. Ndemanga zanu zikhale pansi penipeni, kuseri kwa mzere wodula tsamba, zotchula nambala ya mzere: "Pa mzere 2, x akanakhala 0 bwanji?"

Musanasindikize, muitaneni mwanayo pa yekha, kope m'manja mwake, pepala m'manja mwanu, awerenge mokweza inu mukutsatira ndi chala. Pa [?] paliponse anene yekha chimene analemba. Mumufunsenso ngati akulola kuti anzake aone, ndipo dzina lake mulichotse pamwamba.