Nyemba zosapsa ndi m'mimba

"Ndaphika nyemba zofiira koma sizinapse bwino chifukwa makala anatha, banja lonse lasanza. Nchifukwa chiyani? Nanga nyemba zina?"

Pepani achemwali. Nyemba zofiira zili ndi puloteni yotchedwa lekitini, yomwe imamatirira kukhoma la matumbo. Pakapita ola limodzi mpaka atatu munthu amasanza kenako kutsekula m'mimba; nyemba zosaphika zinayi kapena zisanu zokha zikukwana kudwalitsa munthu.

Kufunditsa pambaula yozilala sikupha lekitiniyi. Viikani nyembazo maola osachepera asanu, tayani madziwo, ziwire kwambiri mphindi 30, kenako zipse mpaka zinyenyeke mukazipsinja ndi zala.

Nyemba zoyera, zitheba ndi soya nazo zili ndi lekitini, choncho osazidya zosaphika. Mwana akapitiriza kusanza, m'patseni thanzi ORS, muthamangire kuchipatala.