Akati "tiuzeni za inu", zakale zanu zikhale umboni wa chimene mwadzera

"Abale ndithandizeni. Lachinayi ndili ndi intavyu ya ntchito yogula katundu pa kampani ina. Ndinaphunzitsako zaka 2, kenako ndagwira zaka 6 mosungira katundu. Akati 'tiuzeni za inu', ndifotokoze ntchito zonse zimene ndagwirapo, kapena ndinene chifukwa chimene ndikufunira ntchitoyi?"

Achemwali, zonse ziwiri zikufunika, koma musazinene ngati nkhani ziwiri zosiyana. Ambiri amayala mbiri yawo kuyambira kusukulu mpaka lero, kenako akaona kuti zonena zatha amamata kumapeto mawu oti "ndipo ndimaikonda kwambiri ntchitoyi". Womvera sapeza chimene chikulumikiza ziwirizo. Chofunika n'chakuti pa mbiri yanu yonse mutolepo zokhazo zimene zikusonyeza kuti ntchito mukufunsirayi ndi kumene njira yanu imalowera kale. Mukatero, chifukwa chofunira ntchito chimatuluka chokha m'mbirimo, ndipo munthu amachikhulupirira chifukwa wamva kale umboni wake.

Kumbukirani kuti ofunsa mafunsowo sivi yanu ali nayo patebulo. Zaka, mayina a malo ndi masatifiketi atha kuwerenga okha. Chimene pepala silinena ndi chakuti zinatheka bwanji kuti mphunzitsi apezeke akuwerenga makatoni, nanga bwanji lero akufuna kuchoka kolandira katundu n'kupita kogula. Mukapanda kuwauza, adzaziganizira okha, ndipo kawirikawiri zimene munthu amaganiza payekha si zokomera inu: mwina ati mumatopa msanga ndi ntchito, mwina ati mukungothawa kumene muli.

Nthawi yoyankhira ndi yochepa. Mphindi imodzi ndi theka ndi yabwino, ndipo musapitirire mphindi 2. Ine ndimaigawa motere: masekondi 15 kapena 20 oyamba munene chimene muli lero, masekondi 50 kapena 60 apakati munene zimene mwachita, ndipo pafupifupi masekondi 30 otsiriza munene chifukwa chake mwabwera kwa iwowo. Choncho mbiri imatenga gawo lalikulu, koma gawo lomalizalo lisasowe. Anthu amene agwira ntchito zaka zambiri ndiwo amalidya gawo limeneli, poti zokamba zimawachulukira. Ongomaliza kumene sukulu amachita zosiyana, mbiri imatha m'masekondi 10, nthawi yotsala yonse n'kumangolonjeza khama. Inu muli m'gulu loyambalo, ndiye ntchito yanu yaikulu ndi kudula.

Podula, musayambire pa sivi. Yambirani pa chilengezo cha ntchito chija munaona pofunsira. Chiwerengeni ndi cholembera m'manja, mudule mzere kunsi kwa ntchito zimene zalembedwa koyambirira kapena zabwerezedwa. Pa ntchito yogula katundu mupezamo zinthu ngati kupempha makotesheni ndi kuyerekeza mitengo, kulemba maoda, kulondola ogulitsa kuti katundu afike pa nthawi yake, ndi kusunga mapepala bwino kuti owerengera ndalama akabwera asapeze chosowa. Sankhanipo ziwiri zokha, zimene inu munazikhudzapo ndi manja anu kosungira katundu kuja. Pa chilichonse pezani chochitika chimodzi chenicheni: vuto linali lotani, munachitapo chiyani, zinatha bwanji. Zina zonse, ngakhale mumazinyadira, zidikire mafunso otsatira.

Nachi chitsanzo cha mmene yankho lanu lingamvekere. Zochitika ndi manambala ndangopeka kuti muone kapangidwe kake, inu muikemo zanu zenizeni.

"Zikomo. Panopa ndimayang'anira nyumba yosungira katundu, ndipo ndagwira ntchito imeneyi zaka 6. Ndine amene ndimalandira katundu yense wogulidwa, kumuyerekeza ndi oda komanso invoisi, ndi kulemba zonse zolowa ndi zotuluka. Ndinayamba ngati mphunzitsi kwa zaka 2, ndipo kumeneko anandipatsa udindo wosunga mabuku ndi zipangizo za sukulu. Ndinaona kuti mbali imeneyo ndi imene ndinkaichita bwino, n'chifukwa chake ndinasintha. Kumene ndiliko, katundu wina wofunika ankatithera pafupifupi mwezi uliwonse, chifukwa oda inkalembedwa mashelefu atayera kale. Ndinatenga zolembedwa za miyezi 12, n'kuwerengera kuti timagwiritsa ntchito wochuluka bwanji pa sabata ndiponso wogulitsa aliyense amatenga masiku angati kuti abweretse. Pamenepo ndinaika mlingo woti katundu akatsika kufika apa, tiitanitse wina. Chaka chotsatira anatithera kawiri kokha. Ntchito imeneyo inachititsa kuti ndizilankhula ndi ogulitsa komanso anzanga ogula katundu sabata iliyonse, ndipo ndinaona kuti mavuto ambiri amene ndimakumana nawo polandira katundu amayambira pa nthawi yogula: oda yosamveka bwino, kapena wogulitsa wotsika mtengo koma wochedwa. Ndikufuna ndikhale pamene zosankha zimenezo zimachitikira. M'chilengezo chanu mwatchula kuti mukufuna munthu wolondola ogulitsa ndi kusunga mapepala ogulira mwadongosolo, ndipo zimenezi ndazichita kale kuchokera mbali yolandira."

Taonani zimene zachitika m'yankho limeneli. Layamba ndi lero, osati ndi sukulu. Munthu akamva koyambirira chimene muli panopa, zonse zotsatira amadziwa poziika. Uphunzitsi watenga ziganizo ziwiri zokha, ndipo sunabisidwe kapena kupepesedwa. Watengedwamo kanthu kamodzi kolozera kutsogolo, kusunga zipangizo. Ngati inu simunasungepo zipangizo kusukuluko, musanamizire. Nenani chifukwa chenicheni mwachidule, ngakhale chitakhala chakuti munapeza mwayi wa ntchito ina n'kuutenga, kenako mupite msanga ku zimene mwachita chisinthireni. Ofunsa sadabwa kuti munthu anasintha ntchito. Amadabwa akaona kuti akuzungulira pofotokoza.

Pakati pali nkhani imodzi yokha yofotokozedwa mokwanira. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kutchula zisanu, koma zisanu zotchulidwa mothamanga zimamveka ngati mndandanda wa maudindo, ndipo udindo aliyense wokhala pampando umenewo amakhala nawo. Chimene chimakusiyanitsani ndi wina amene alowe pambuyo panu ndi chinthu chimene chinasintha chifukwa inuyo munalipo. Nambala imathandiza, koma ikhale yoti mutha kuifotokoza. Mukanena kuti katundu anatha kawiri kokha, yembekezerani funso lakuti "munkawerengera bwanji mlingowo?" ndipo muyenera kuyankha osadodoma: ngati pa sabata mumagwiritsa ntchito makatoni 20 ndipo wogulitsa amatenga masabata 2, ndiye mumaitanitsa akatsala 40, ndipo pamwamba pa 40 amenewo mumaonjezerapo ena odikirira ngati galimoto itachedwa. Nambala imene simungaiteteze ndi bwino kuisiya, munene chabe kuti vutolo linachepa.

Tsopano chiganizo chimene ndikufuna muchisamale kuposa zonse ndi chija chakuti mavuto a polandira amayambira pogula. Pamenepo ndi pamene mbiri yasanduka chifukwa. Sichikunena kuti mumakonda ntchito yogula katundu, chikuonetsa chimene munaona ndi maso anu chimene chinakukokerani kumeneko. Aliyense ali nacho chiganizo chake chotere, kungoti amafunika kukhala pansi n'kudzifunsa: ndi tsiku liti kuntchito pamene ndinati, izi ndikanakhala ine ndikanachita mwamtundu wina? Yankho la funso limeneli ndiye chifukwa chanu.

Mukalemba gawo lomalizalo, liyeseni motere. Yerekezani kuti mukulinena ku kampani ina, pa ntchito ina. Ngati likukwanabe osasintha liwu, ndiye kuti silikunena kanthu. "Ndikufuna kukula", "kampani yanu ndi yodziwika", "ndine wolimbikira komanso ndimagwira bwino ndi anzanga", zonsezi zimakwana paliponse, ndipo ofunsa amakhala atazimva kuyambira m'mawa. Muikemo chinthu chimodzi cha iwowo: mawu a m'chilengezo chawo, mtundu wa katundu amene amagula, kapena nthambi imene atsegula ngati mwatsimikiza kuti ndi zoona. Musatchule zimene mwangomva kwa anthu, chifukwa mukaphonya, wokukonzani ndi mwini wake wa kampaniyo.

Za malipiro, tonse tikudziwa kuti ndi chimodzi mwa zimene zakutulutsani m'nyumba, ndipo nawonso akudziwa. Koma si za funso loyamba, nthawi yake ifika. Chimodzimodzi madandaulo a kumene muli. Ngakhale abwana anu atakhala ovuta zedi, mukangowatchula, omvera amasiya kuganiza za luso lanu n'kuyamba kudzifunsa kuti mbali inayo ingati chiyani. Nenani chimene mukupita kukachita, osati chimene mukuthawa. Zaka zakubadwa, banja, ana ndi chipembedzo zisiyeni, sanafunse zimenezo, ndipo zimadya masekondi amene mulibe.

Pokonzekera, musaloweze ndime yonse pamtima. Woloweza amadziwika, mawu amathamanga, maso ali kudenga, ndipo wina akamudula pakati sadziwanso pobwerera. Lembani papepala mitu inayi yokha, monga "lero, sukulu, katundu kutha, chifukwa", kenako mulankhule mokweza uku mukudzijambula pa foni. Mukamvetsera, onani nthawi pamene mwayambira kunena chifukwa chanu. Ngati mphindi imodzi ndi theka yadutsa musanafikepo, mbiri yatalika, dulani pakati. Ngati zonse zatha mphindi isanakwane, nkhani yapakati ija mwaipepusa, onjezerani mmene munachitira. Chitani zimenezi m'chinenero chimene intavyuyo idzachitikire, chifukwa kutanthauzira m'mutu muli pampando kumatalikitsa yankho. Ndipo chiganizo choyamba ndi chomaliza, ziwiri zokhazo, mutha kuziloweza, kuti musayambe ndi "eee" komanso musamalize ndi "basi ndi zomwezo".

M'chipindamo muziwayang'ana. Akamalemba kapena kugwedeza mutu, pitirizani. Akasiya kulemba n'kuyamba kutembenuza mapepala, kapena wina akapuma ngati akufuna kulankhula, lumphani zotsalazo mupite pa chifukwa chanu, chifukwa gawo limenelo ndi limene siliyenera kutsala. Akakudulani ndi funso pa nkhani ya katundu kutha ija, musade nkhawa, ndiye kuti yawakoka. Yankhani funsolo mokwanira, ndipo chifukwa chanu mudzachinene akafunsa kuti "bwanji mukufuna kugwira ntchito kuno?" Ngati mwachinena kale koyambirira ndipo funsoli labwerabe, musabwereze mawu omwewo. Sungani chitsanzo chachiwiri chija munasankha pa chilengezo, cha mapepala ogulira kapena cha wogulitsa wochedwa, muchigwiritse ntchito pamenepo.