Magalasi osambira nawo kwa amene saona patali

"Ndikavula magalasi sindiona ngakhale khoma la dziwe losambiramo. Papepala la kuchipatala cha maso palembedwa SPH -3.25, CYL -1.00. Ndigule otani?"

Magalasi osambira nawo a vuto lanu alipo, achimwene, koma ogula opangiratu amakhala ndi nambala imodzi yokha, ndipo nthawi zambiri imakwera ndi 0.5. Kuti mupeze yanu, tengani theka la CYL muphatikize ndi SPH. Theka la -1.00 ndi -0.50, ndiye pamodzi zikukwana -3.75. Imeneyi siipezeka, choncho sankhani -3.5 osati -4.0. Amphamvu kwambiri amatopetsa maso, mutu n'kumawawa mukatuluka m'madzi.

Werengerani diso lililonse palokha. Anga amasiyana, ndiye ndinagula mapeya awiri a mtundu umodzi n'kusinthanitsa mbali pa kalamba kapamphuno. CYL ikanapitirira -2.00 ndikanati akakupangireni anuanu, chifukwa opangiratu sangachotse mbuu.

Chonde musalowe m'madzi mutavala timagalasi toika m'diso. Tizilombo ta m'madzi timabisala kuseri kwake n'kuyambitsa chilonda chovuta kuchiza.

Mkati mwa magalasi osambira nawowo musapukutemo ndi chala, mungachotse mankhwala oletsa nthunzi. Ingotsukuluzani ndi madzi oyera, aume pamthunzi.