Auzeni makasitomala ngakhale kafukufuku asanathe

Funso: "Munthu wina analowa mu imelo ya ofesi yathu, tinadziwa patatha masiku 9. M'menemo muli makope a ziphaso ndi mainivoisi a makasitomala. Sitikudziwa ngati anatengapo kanthu. Tiwauze panopa, kapena tidikire?"

Auzeni sabata ino. Amene amalowa mu imelo ya kampani kawirikawiri amafuna mainivoisi. Amaona amene ali ndi ngongole kwa inu, kenako amamulembera ngati ndinu, amvekere tasintha akaunti ya kubanki, lipirani kuno. Kasitomala wosachenjezedwa amalipira ndithu. Mukakhala chete, ndalama zotayika ndi zake.

Lamulo la ku Ulaya loteteza zinsinsi za anthu la GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limapereka maola 72 oti muuze bungwe loyang'anira, ndipo eni zinsinsizo auzidwe mosachedwa ngati chiopsezo chili chachikulu. Funsani loya zomwe lamulo la kwanuko likunena. Kubisa kumapweteka: kampani ya Uber inabisa za kubedwa kwa zinsinsi za anthu kwa mu 2016 kwa chaka chathunthu, ndipo mu 2018 inavomera kulipira madola 148 miliyoni.

Kalata yopita kwa makasitomala inene zomwe mukudziwa, ndi pomwe kudziwa kwanu kwathera. Mwachitsanzo: "Kuyambira pa 3 mpaka pa 12 mwezi uno, munthu wachilendo ankatha kuwerenga imelo yathu. Munali kope la chiphaso chanu ndi mainivoisi awiri. Sitinatsimikize ngati anakopera, choncho tikuzitenga ngati anaziona. Tasintha mawu achinsinsi, tatulutsa makompyuta ndi mafoni onse omwe anali olumikizidwa, ndipo tsopano polowa pamafunikanso nambala yobwera pafoni. Akaunti yathu ya kubanki sinasinthe. Tidzakulemberaninso pa 20, kaya tapeza zatsopano kaya ayi."

Pali chiganizo chimene chimandidetsa nkhawa, chakuti "palibe umboni woti zinthu zanu zatengedwa." Musanachilembe, funsani katswiri wanu ngati kaundula wa olowa mu akauntiyo amasonyezanso makalata omwe anatsegulidwa, komanso ngati amafika mpaka tsiku loyamba lija. Ngati safika, umboni ukusowa chifukwa mulibe poyang'ana, ndipo chiganizocho chikhala chonamiza anthu. Muuzeninso katswiriyo aone ngati wakubayo anasiya lamulo lotumiza makalata anu ku adiresi ina mwakachetechete, chifukwa kusintha mawu achinsinsi sikulichotsa. Musanene kuti mwatseka pakhomo izi zisanaonedwe.

Potumiza, aliyense alandire kalata yakeyake yotchula zake zokha. Kuika onse pa CC n'kuululanso maadiresi awo. Musaikemo linki yoti adine, poti akuba nawo amalemba choncho. Muwapatse nambala yafoni imene akuidziwa kale, ndipo woyankha akhale munthu wodziwa nkhaniyo. Amene ali ndi inivoisi yosalipira, aimbireni lero lomwe, kalata ibwere pambuyo.