Ntchito ikatha mu Disembala, ndalama zanga zindifikitsa mwezi uti?

"Achimwene, ndimagwira ku bungwe lina ku Lilongwe, chaka chachisanu ndi chimodzi chakwana. Atiuza kuti pulojekiti mwina itsekedwa pakatha miyezi sikisi. Ndimalandira K900,000 akadula zonse ndipo imatha yonse, ku banki ndili ndi K1,500,000 basi. Ndili ndi mwana mmodzi wa pasukulu komanso loni. Ndisunge zingati, nanga ndidule pati?"

Achemwali, choyamba siyani kaye kuwerenga ndalama zanuzo mu makwacha, muziziwerenga mu miyezi. Zili ngati chimanga cha munkhokwe, munthu safunsa kuti matumba ndi angati chabe, amafunsa kuti chitifikitsa Febuluwale kapena ayi. Masamu ake ndi ophweka: ndalama zomwe mungatape lero lomwe, kugawa ndi zomwe mumadya pamwezi. K1,500,000 kugawa ndi K900,000, simukufika olo miyezi iwiri. Ndikudziwa zikupweteka kumva, koma bola mudziwe pano pomwe salale ikulowabe.

Ndipo ndikati ndalama zomwe mungatape lero ndikutanthauza zenizeni. Puloti ya ku Area 25 siyiwerengedwa, ngongole yomwe msuweni wanu analonjeza kuti abweza siyiwerengedwa, masheya a ku banki mkhonde omwe mudzagawane kumapeto kwa chaka musawayikenso pamenepa chifukwa tsiku lomwe landilodi wagogoda simungakawatenge.

Funso loti musunge miyezi ingati, ine ndimati sikisi ndiye poyambira kwa munthu ngati inu, wolera mwana ndi salale imodzi. Anthu ambiri amanena itatu koma ntchito za m'mabungwe sizipezeka choncho. Mukaona malonda a ntchito lero, kulemba kalata, kudikira akuyitaneni, intavyu, mwina yachiwiri, kenako salale yoyamba imabwera kumapeto kwa mwezi womwe mwayambawo, miyezi itatu yatha kale olo zonse zitayenda bwino. Komanso pulojekiti ikatsekedwa simutuluka nokha. Tinaziona mu 2025 boma la America litayimitsa thandizo la USAID, anthu a maphunziro ofanana anatuluka nthawi imodzi nkumalimbirana mipando yochepa yomweyo.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse bwino. Miyezi sikisiyo si K900,000 kuchulukitsa ka sikisi ayi, zimenezo zingangokufooketsani. Mukufunika bajeti yachiwiri, ya munthu yemwe ntchito yamuthera, ndipo muyilembe papepala sabata ino. Pamndandanda wa zomwe mumadya pamwezi womwe munanditumizira ndayesa kuyikonza chonchi: renti kuchoka pa K250,000 kufika K180,000, chakudya K170,000, thiransipoti K40,000 poti simuzipita ku ofesi tsiku ndi tsiku, fizi K60,000, mayunitsi a magetsi, madzi ndi makala K50,000, bando ndi eyataimu K20,000, kumudzi K30,000, loni K80,000 yomweyo, ndiye ndawonjezera K20,000 ya mankhwala. Zonse pamodzi K650,000. Miyezi sikisi ndi K3,900,000.

Pa fizipo, munalemba K240,000 pa temu, ndiye ndachulukitsa katatu nkugawa ndi miyezi 12. Zinthu zobwera kamodzikamodzi ngati zimenezi ndi zomwe zimagwetsa bajeti za anthu, munthu amawerenga mwezi wopanda fizi nkumaganiza kuti ndi mmene amadyera. Ndipo za mankhwalazo musazichotse, sikimu ya chipatala ya kuntchito nthawi zambiri imatha limodzi ndi ntchitoyo, funsani tsiku lenileni lomwe khadi lanu lisiye kugwira ndipo ngati pali zoti dokotala aone, mano, maso, magalasi a mwana, pitani pano.

Ubwino wodula ndalama pano osati ntchito itatha ndi woti chomwe mwadulacho chimakugwirirani ntchito kawiri. Mukayamba kukhala moyo wa bajeti yachiwiriyo kuyambira mwezi uno, tinene kuti mukudya K700,000 poti thiransipoti ya kuntchito ikadalipo, ndiye kuti K200,000 ikutsala mwezi uliwonse, miyezi sikisi ndi K1,200,000, kuphatikiza ndi zomwe muli nazo kale zikukwana K2,700,000. Ndipo nthawi yomweyo nambala yogawira ija yatsika. K2,700,000 kugawa ndi K650,000 ndi miyezi inayi ndi masiku pang'ono. Mwachoka pa mwezi umodzi ndi theka kufika pa inayi popanda kupeza kwacha ina iliyonse yapadera. K200,000 imeneyo izichoka tsiku lomwe salale yalowa, muwauze a banki aziyisamutsa okha, mukati ndisunga zotsala kumapeto kwa mwezi simupeza kanthu.

Nkhani ya renti ndiyikhalire pang'ono chifukwa ndi yomwe ili ndi ndalama zambiri komanso ndi yomwe anthu amalakwitsa. Anthu amayamba ndi kusiya fanta ndi kudula TV, chabwino dulani, koma zonsezo pamodzi sizifika pa K70,000 yomwe nyumba yokha ingakupulumutsireni mwezi uliwonse osaganizanso. Koma kusamuka nako kuli ndi mtengo wake. Malandilodi ambiri amafuna miyezi itatu yakutsogolo, ndiye K540,000 ituluka nthawi imodzi, imeneyo sikuti yatayika poti ndi renti yomwe mukanalipirabe, koma lole yosamutsira, wokupezerani nyumba, mwina kukonza loko ndi mawindo, zimenezo zapita. Zikakwana K140,000 ndiye kuti miyezi iwiri yoyamba mwangobweza zomwe munawononga, phindu liyamba mwezi wachitatu. Nchifukwa chake ngati mukusamuka samukani pano, musadikire Disembala, komanso landilodi watsopano amamasuka ndi munthu yemwe ali pantchito. Ndipo muwerengere minibasi. Nyumba yotchipa yomwe ikukuwonjezerani kukwera kawiri, inu ndi mwana yemwe, ikhoza kudya K70,000 yonseyo mwakachetechete. Ngati masamu sakutuluka, khalani pomwepo nkukambirana ndi landilodi wanu kuti asakweze chaka chino.

Za kumudzi ndi zovuta kuposa masamu, ndikudziwa. Musangosiya kutumiza mwadzidzidzi. Awuzeni amayi zoona zake panopa, kuti ntchito ikugwedezeka ndipo kuyambira mwezi uno ndizitumiza mwakuti, tsiku lakuti. Munthu akadziwiratu amakonzeka, feteleza amamuganizira nthawi ilipo. Enawo opempha apo ndi apo, yankho likhale limodzi kwa onse.

Tibwere pa sevaransi. Lamulo la ntchito kuno limati munthu wochotsedwa chifukwa chochepetsa antchito alandire malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chomwe wamaliza m'zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndipo anayi kupitirira apo. Kwa inu ndi masabata 10 kuphatikiza 3, masabata 13, omwe ndi pafupifupi malipiro a miyezi itatu. Pamwamba pake pali notisi ya mwezi umodzi kwa olandira pamwezi komanso masiku a tchuthi omwe simunatenge. Ndi ndalama yabwino ndithu, kuphatikiza ndi zomwe mwasunga ingakudutsitseni miyezi sikisi ija. Koma tengani kontirakiti yanu muwerenge. Ambiri m'mabungwe amasayina ya chaka chimodzi chimodzi, ndipo kontirakiti kungofika kumapeto kwake ndi nkhani ina, kuchotsedwa isanathe ndi nkhani inanso. Pitani kwa oyang'anira antchito akulembereni, osati pakamwa, zomwe mudzalandire komanso liti, ndipo ngati simukugwirizana nazo ku ofesi ya leba amathandiza kuwerengera. Ine langizo langa ndi loti sevaransi musayiyike mu masamu mpaka mutayiona mu akaunti. Imatha kuchedwa, ndipo ngati loni yanu ndi yodula pa salale, nkutheka banki kapena ofesi adzayamba atenga zawo inu musanagwire. Funsani zimenezonso, komanso ngati loniyo ili ndi inshuwalansi yokhudza kutha kwa ntchito, ena amalipira osadziwa kuti ilipo.

Penshoni chimodzimodzi. Inde 5 peresenti yanu ndi 10 peresenti ya abwana zakhala zikulowa, koma si ndalama yoti ntchito yatha Lachisanu, Lolemba mwatapa. Pali miyezi yodikira, pali mapepala, ndipo sakupatsani yonse. Chomwe mungachite pano ndi kupempha sitetimenti muone ngati ofesi yakhala ikutumizadi zomwe amakudulani, vuto limenelo ndi losavuta kulitsata mukadali mkati.

Nanga musunge kuti? Apa kwathu pali vuto lomwe sitingalibise, kwacha imasungunuka. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo aliyense anaona zomwe zinachitika ndi mtengo wa shuga ndi mafuta ophikira. Ndiye miyezi sikisi yomwe mwawerenga lero ikhoza kukhala isanu pofika chaka chamawa inu musanakhudzeko. Muzibwereza masamu aja miyezi itatu iliyonse ndi mitengo yatsopano. Kasungidwe kake ndingagawe chonchi. Ya mwezi umodzi kapena iwiri ikhale mu akaunti yapadera yomwe simunayilumikize ndi Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa ndalama yomwe ili pafoni imatuluka ndi uthenga umodzi wa maliro kapena wa chinkhoswe. Yotsalayo ipite komwe ikubala pang'ono koma mungayitenge m'masiku ochepa, monga mayuniti tirasiti, komwe kampani imasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri nkuziyika pobala, kapena fikisidi dipoziti ya mwezi umodzi kapena itatu, ndipo mufunsiretu kuti mukayitenga nthawi isanakwane akudulani zingati. Ya chaka chonse ayi. Gawo lina mutha kulisandutsa zinthu zomwe mudzafune ndithu: chimanga ndi nyemba nthawi yokolola pomwe mitengo ili pansi, muthire mankhwala a anankafumbwe, komanso fizi ya temu yotsatira ngati sukulu ikulola kulipiriratu.

Chomwe ndikukupemphani musachite ndi kutenga ndalama imeneyi nkuyiyika yonse mu geni chifukwa cha mantha. Ndaona anthu ambiri akamva za kuchotsedwa amathamangira kukagula belo la kaunjika kapena nkhuku 200 ndi ndalama ya renti, geni yomwe sanayichitepo, ndiye ikavuta amatsala opanda geni komanso opanda miyezi, mapeto ake ndi katapila. Ngati mukufuna kuyesa yesani pano mukadali pa salale, ndi ndalama yochepa yomwe mwayipatula, osakhudza K3,900,000 ija.

Tsiku lomwe kalata yoti ntchito yatha yabwera, mudzilipire nokha K650,000 pa 1 mwezi uliwonse kuchoka mu thumba lija, osatapa pakati. Ndipo muyikiretu malire pano mutu uli bwino: zikatsala za miyezi itatu ntchito isanapezeke, mutenga chilichonse chomwe chapezeka olo ndi cha malipiro otsika kapena cha miyezi yochepa, ndipo mukakambirana ndi a banki za loni musanaphonye mwezi olo umodzi. Zikatsala za miyezi iwiri, ndi nthawi yogulitsa puloti ija kapena kukakhala kaye ndi achibale, ndipo puloti mukayamba kuyitsatsa mochedwa ogula amadziwa kuti mwapanikizika.

Mukapeza yankho la kontirakiti ija ndilembereninso tiwerengere limodzi.